Funso lopanda yankho mungaligwire bwanji lisanafike kwa ana?

"Ndimaphunzitsa masamu ana a zaka 11 ndi 12. Kawiri konse chaka chino ndagawa pepala la mafunso, ana atayamba kale kulemba m'pamene ndazindikira kuti funso lina lilibe yankho, lina lili ndi mayankho awiri. Pepalalo ndimaliwerenga ndisanaligawe koma sindiona cholakwika. Ndizichita bwanji?"

Aphunzitsi anzanga, zolakwa za mtundu uwu sizigwidwa powerenga pepala, zimagwidwa poliyankha. Munthu amene walemba funso amakhala ndi yankho m'mutu asanayambe n'komwe kulemba, ndiye akamaliwerenganso maso ake amangodutsa pa mawuwo pamene mutu ukudzaza wokha zonse zimene zikusowa. Nambala imene inaiwalika, mutu umaikumbuka. Chiganizo chimene chingamveke pawiri, mutu umachimva kumodzi, komwe mwini wake ankafunako. Mwana alibe mwayi umenewo. Iye ali ndi pepala lokha, ndipo chimene sichinalembedwe pa pepalalo kwa iye kulibe.

Choncho ntchito yake ndi iyi. Pepala mukalimaliza lisiyeni ligone usiku umodzi. Mawa lake bisani mayankho amene munalemba poyamba, mutenge kope lenileni limene mwana adzalandire, mukhale pansi ndi pensulo, rula ndi pepala lina lopanda kanthu, muyankhe funso lililonse mpaka kumapeto, mzere ndi mzere, monga mmene mumafunira kuti ana azichitira. Pepala la mafunso khumi a msinkhu umenewu ine limanditengera mphindi 15 kapena 20. Pa funso lililonse mukufufuza zinthu ziwiri zosiyana: ngati yankho lake lingatheke m'moyo weniweni, ndiponso ngati lilipo limodzi lokha. Ndiyamba ndi choyambacho, chifukwa ndi chimene chimabisala kwambiri.

Taonani funso ili, limene ine mwini ndinalembapo zaka zapitazo: "Ana atatu analemba mayeso okhala ndi malikisi 10. Avereji ya malikisi awo inali 8. Woyamba anapeza 6, wachiwiri anapeza 7. Kodi wachitatu anapeza malikisi angati?" Mukaliwerenga likumveka bwino. Mawu ake ndi osavuta, manambala ake ndi aang'ono, ndipo njira yake ndi yomwe tinaphunzitsa m'kalasi. Tsopano liyankheni. Ngati avereji ya ana atatu ndi 8, malikisi awo onse pamodzi ndi 3 × 8 = 24. Awiri oyambawo ali ndi 6 + 7 = 13. Wachitatu ali ndi 24 − 13 = 11. Mwana wapeza malikisi 11 pa mayeso a malikisi 10.

Samu yake yayenda bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo n'chifukwa chake cholakwachi n'choopsa. Ndikanangowerengera m'mutu n'kulemba 11 pa pepala la mayankho, sindikanaona kanthu. Chimaoneka pokhapokha yankholo mukalibwezera m'nkhani yake n'kulinena ngati chiganizo chathunthu: "Mwana wachitatu anapeza malikisi 11 pa 10." Khutu limakana nthawi yomweyo. Ichi ndicho chizolowezi chimene ndimalimbikitsa kuposa china chilichonse: yankho la funso la nkhani musalisiye ngati nambala chabe, linenedwe mokweza pamodzi ndi dzina la chinthu chimene likuwerenga.

Chimene chinandipweteka tsiku limenelo n'chakuti funsolo linalanga ana oganiza bwino. Amene ankangotsata njira analemba 11 n'kupita pa funso lotsatira. Mtsikana wina wakhama anapeza 11, anaona kuti sizingatheke, anafufuta, anayambanso, anapezanso 11, anafufutanso mpaka pepala linabooka, ndipo mafunso atatu omaliza sanawafike. Iyeyo ndiye anachita chimene timapempha ana tsiku ndi tsiku, kuti aziona ngati yankho lili lomveka, ndipo anataya malikisi chifukwa cha icho.

Funso lija linawonongeka chifukwa ndinasintha manambala a chitsanzo china kuti ana asangokopera, ndipo ndinawasintha limodzilimodzi osaona mmene akugwirizanirana. Mafunso ambiri opanda yankho amabadwa motero. Njira yopewera ndi kumanga funso kuyambira ku yankho. Sankhani kaye malikisi atatu otheka, tinene 7, 8 ndi 9. Onse pamodzi ndi 24, avereji ndi 8. Kenako bisani limodzi, mufunse za ilo. Funso lomangidwa chotere silingasowe yankho, pakuti yankho lake linalipo funsolo lisanalembedwe. Mukafuna kusunga 6 ndi 7, tsitsani avereji ikhale 7: onse pamodzi akhala 21, ndipo wachitatu apeza 8.

Pali malire angapo amene yankho siliyenera kudumpha, ndipo mukawazolowera mumayamba kuwaona msanga. Malikisi sapitirira a mayeso onse. Gawo la chinthu silikula kuposa chinthucho. Anthu, mabuku ndi madesiki sawerengedwa m'zidutswa. Funso loti "M'kalasi muli ana 45, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi sanabwere, ndi angati sanabwere?" limapereka ana 11 ndi kachidutswa ka mwana wina. Sinthani 45 akhale 44 kapena 48, vuto latha.

Mafunso a zojambula ali ndi malire awoawo, ndipo pano m'pamene rula imagwira ntchito. "Chojambula cha makona atatu chili ndi mbali za masentimita 3, 4 ndi 8. Pezani utali wozungulira chonsecho." Kuwonkhetsa kumapereka 15 mosavuta. Koma yesani kuchijambula. Lembani mzere wa masentimita 8. Kumapeto amodzi ikani mzere wa 3, kwinako wa 4. Ngakhale muigoneke yonse iwiri pa mzere wautaliwo moyang'anizana, ifika masentimita 7 okha, patsala mpata wa sentimita imodzi. Chojambulacho sichitsekeka, ndiye kuti kulibe. Lamulo lake ndi lakuti mbali ziwiri zazifupi zikawonkhetsedwa ziyenera kuposa mbali yaitali. Kungofanana nayo sikukwanira: 3, 4 ndi 7 zimangopanga mzere wowongoka. Koma 4, 5 ndi 8 zitheka, chifukwa 9 aposa 8. Makona nawonso amafuna kuwawonkhetsa, popeza atatu onsewo pamodzi ayenera kukwana madigiri 180. Chithunzi cholembedwa 90, 60 ndi 40 chapitirira ndi 10.

Wina anganene kuti mwana wa zaka 11 sangazindikire zimenezi, ndipo cholinga chinali kungoyesa kuwonkhetsa. Ine sindivomereza. Mwana yemweyo patsogolo adzaphunzira lamulo limeneli, ndipo ndi bwino kuti zojambula zonse zimene wakumana nazo m'mbuyomu zikhale zoona. Komanso m'kalasi iliyonse mumakhala mmodzi amene amakonda kujambula chilichonse asanayankhe.

Tsopano za funso la mayankho awiri kapena ochuluka. Ili siligwidwa ndi njira yomwe ija, chifukwa mukaliyankha mumapeza yankho labwinobwino, lomwe munkaliyembekezera, n'kukhutira. Apa pamafunika kuti mutapeza yankho lanu musapite patsogolo. Dzifunseni kuti: mwana atabwera ndi yankho lina n'kuima pamaso panga kuti "ndalakwa pati?", kodi ndingamuloze mawu ati a pa pepalali amene akumutsutsa? Ndiyeno yesetsani ndithu kupeza yankho linalo, ngati kuti mwapatsidwa ntchito yoligwetsa funso lanu lomwe.

Tiyese pa ili: "Rekitango ili ndi utali wozungulira wa masentimita 24. Pezani kukula kwa malo a mkati mwake." Mphunzitsi amene analemba funsoli anali ndi chithunzi m'mutu, mulitali 8, mulifupi 4, yankho masikweya sentimita 32. Koma pa pepala palibe 8, palibe 4. Chimene 24 akutiuza n'chakuti mulitali ndi mulifupi pamodzi ndi 12 basi. Ndiye 11 ndi 1 apereka 11. 10 ndi 2 apereka 20. 9 ndi 3 apereka 27. 7 ndi 5 apereka 35. Ndipo 6 ndi 6 apereka 36, pakuti sikweya nayonso ndi rekitango. Mayankho asanu ndi limodzi kuphatikizapo 32 uja, onse olondola, ndipo apa tangowerenga manambala athunthu okha. Mwana wolemba 35 sanalakwe kalikonse.

Chizindikiro cha vuto ili mumachimva m'thupi mukamayankha. Pamakhala pena pamene pensulo imaima, inu n'kunena chamumtima kuti "apa tingotenga kuti mulitali ndi 8." Mawu akuti "tingotenga kuti" akangotuluka, ikani chizindikiro pa funsolo. Nambala iliyonse imene mwagwiritsa ntchito poyankha iyenera kukhala yoti mungaiike chala pa pepala, kapena yoti mwaipeza kuchokera ku zimene zili pa pepalapo. Kukonza kwake n'kwa chiganizo chimodzi: "Mulitali mwake ndi masentimita 8," kapena, ngati mukufuna kuti ana aganize pang'ono, "Mulitali mwake ndi kawiri mulifupi mwake." Chiganizo chachiwirichi chimasiya 8 ndi 4 okha.

Mafunso a manambala otsatana amagwa mu dzenje lomweli kawirikawiri. "Lembani nambala yotsatira: 2, 4, 8, __." Ambiri tiyankha 16, pochulukitsa ndi 2. Koma mwana wina waona kuti kuchoka pa 2 kufika pa 4 tawonjezera 2, kuchoka pa 4 kufika pa 8 tawonjezera 4, ndiye tsopano tiwonjezere 6, yankho 14. Maganizo akewo alibe chilema. Kuwonjezera nambala yachinayi, 16, kumathandiza chifukwa kumatseka njira ya 14 ija. Koma chotsekeratu mkangano ndi kunena mtundu wa lamulo: "Nambala iliyonse imapezeka pochulukitsa ya m'mbuyo mwake ndi nambala imodzi yosasintha." Sizichepetsa ntchito ya mwana, pakuti ayenerabe kupeza yekha kuti nambalayo ndi 2.

Nthawi zina manambala onse alipo ndipo ndi okwanira, koma mawu ofunsira ndiwo sakunena chimene akufuna. Izi zimaoneka kwambiri pa kugawa kokhala ndi chotsala. "Ana 50 akhala pa mabenchi, anayi pa benchi iliyonse. Mabenchi ndi angati?" Kugawa 50 ndi 4 kumapereka 12, kutsala 2. Mwana wina alemba 12. Wina alemba 13, poganizira ana awiri otsalawo kuti nawonso akhale. Wina alemba "12 kutsala 2" monga anaphunzitsidwira. Wina amene wadziwa kale madesimo alemba 12.5. Inu muchonga liti? Yankho limadalira mneni amene funsolo linasiya. "Pafunika mabenchi angati kuti onse akhale?" ndi 13. "Ndi mabenchi angati amene adzadzaza?" ndi 12. "Ndi ana angati amene adzakhale pa benchi yosadzaza?" ndi 2. Mukaona funso la kugawa limene lili ndi chotsala, imani muone ngati mawu ake akunena chochita ndi chotsalacho.

Ngakhale mumaphunzitsa masamu, samalaninso ndi timawu toloza mwini monga "lake" ndi "wake", chifukwa timalowa m'mafunso a nkhani mosaonekera. "Mtsikana anauza mnzake kuti wataya kope lake." Wataya ndani, ndipo kope ndi la yani? Chiganizochi chingamveke m'njira zingapo. Wolemba amamva imodzi yokha. Pamene pali anthu awiri m'funso, bwerezani dzina la amene mukumunena ngakhale chiganizo chimveke cholemera. Funso la pa pepala silifuna kukoma kwa mawu, limafuna kuti ana makumi anayi alimve mofanana.

Pa mafunso osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D, cholakwa chimabisala m'mayankho olakwika aja, chifukwa timawalemba mothamanga titamaliza kuganizira lolondola. "Ndi nambala iti imene imagawika ndi 3 popanda chotsala? A 14, B 21, C 25, D 27." Wolemba ankafuna 21, ndipo 27 anangomuponyapo kuti adzaze mpata. Koma 3 × 9 = 27. Mukamayankha funso lotere musaime mukapeza lolondola. Yesani onse anayi, ndipo pambali pa lililonse lolakwika mulembe chifukwa chake m'mawu ochepa: 14 atsala 2, 25 atsala 1. Limene mwalephera kulilembera chifukwa ndi yankho lachiwiri. Ndipo ngati munasinthapo nambala m'funso mutalemba kale A mpaka D, yambiraninso, chifukwa m'pamene mumapezeka kuti onse anayi ndi olakwika.

Ndinanena kuti muyankhe pa kope lenileni limene mwana adzalandire, ndipo sindinanene mwangozi. Funso likhoza kuchoka m'manja mwanu lili bwino n'kuwonongeka m'njira. Kadontho ka 2.5 kakafufutika pa fotokope, mwana akuwerenga 25. Funso likunena kuti "onani chithunzi chili pamwambapa" pamene chithunzicho chapita tsamba lina, kapena chatsala osasindikizidwa. Gawo lodetsedwa la chojambula latuluka loyera mofanana ndi magawo enawo, ndiye funso loti "ndi gawo lanji limene ladetsedwa?" lilibenso poyambira. Mukakopera mafunso pa bolodi, mzere umodzi ukhoza kudumphidwa, ndipo ndi mmene mulitali wa rekitango uja amasowera nthawi zambiri. Sindikizani kope limodzi kaye, muliyankhe, kenako muchulukitse. Ngati ndi pa bolodi, pitani kumbuyo kwa kalasi muwerenge zimene mwalemba muli kumeneko.

Njira yonseyi ili ndi pothera pake. Ngakhale pepala ligone usiku, inu mukhalabe amene munalilemba, ndipo pali matanthauzo ena amene simudzawaona chifukwa mutu wanu sungaiwale chimene unkafuna. Apa m'pofunika munthu wachiwiri. Mpatseni mphunzitsi mnzanu pepalalo popanda mayankho, ndipo musamuuze kuti "taonani ngati lili bwino," chifukwa adzangoliwerenga monga munachitira inu n'kunena kuti lili bwino. Mupempheni kuti aliyankhe, ndi kuti aike kadontho paliponse pamene anawerenga kawiri. Akakufunsani kuti "apa mumatanthauza chiyani?" musamufotokozere. Funso lakelo lakusonyezani kale pamene palakwika, ndipo kufotokoza kumene munafuna kumuuza pakamwa n'kumene kuyenera kulowa pa pepala. Mnzanu wophunzitsa phunziro lina amathandiza kwambiri pa mawu osamveka kuposa wa masamu, popeza wa masamu amadziwa zimene mafunso otere amafuna kawirikawiri, ndipo naye amadzaza mipata osadziwa. Wa masamuyo ndi wabwino pa manambala osatheka.

Pamene yankho la mnzanu lasiyana ndi lanu, musathamangire kuona kuti walakwa ndani. Yambani mwafunsa kuti funsolo analimva bwanji. Kawirikawiri mupeza kuti samu yake ndi yolondola, koma anayankha funso lina limene mawu anu omwewo analola.

Sikuti funso lililonse la mayankho ambiri ndi loipa. La rekitango lija likhoza kukhala limodzi mwa mafunso abwino kwambiri pa pepala lonse mukalifunsa poyera: "Jambulani marekitango atatu osiyana okhala ndi utali wozungulira wa masentimita 24. Ndi iti imene ili ndi malo aakulu mkati?" La malikisi 11 nalonso lingabwerere motere: "Mwana wina akuti wachitatu anapeza 11. Fotokozani chifukwa chake manambala a m'funsoli sangakhale oona." Kusiyana kwake n'kwakuti apa mwana wauzidwa mtundu wa ntchito imene wapatsidwa, ndipo pepala lanu la mayankho lakonzekera kulandira zonse zolondola. Ine mafunso amene ndawagwira ali olakwika ndimawasunga m'kope lapadera chifukwa cha ntchito imeneyi.

Ndipo lina likadzakupulumukani, pakuti lidzakupulumukani ndithu nthawi ina, zizindikiro zake m'kalasi zimaoneka msanga: ana angapo amene sakhala pamodzi akweza manja pa nambala yomweyo, kapena ana amene amathamanga nthawi zonse aima pamodzimodzi akufufuta. Imitsani kalasi yonse, osangonong'oneza amene wafunsayo, chifukwa enawo akulimbana nalo mwakachetechete. Nenani kuti funso lakutilakuti lalakwika ndipo wolakwitsa ndinu, lembani lokonzedwalo pa bolodi, muwonjezere mphindi zingapo. Ngati mwalizindikira pochonga, funso lopanda yankho lichotseni pa chiwerengero cha malikisi a ana onse, pepala la malikisi 20 likhale la 18 ngati funsolo linali la 2. La mayankho awiri, chongani onse awiri. Kenako tsegulani kope loyambirira tsiku lomwelo mukonze funsolo mmenemo, kuti chaka chamawa musadzasindikizenso lomwe lija.